Buledi wakwera, koma mpeni sunasinthe

Chikalata chomwe chamatidwa pa khomo la bekale ina ya m'tauni n'chachifupi. Chikuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa, buledi akwera ndi K100, chifukwa ufa wa tirigu umachokera kunja ndipo umagulidwa ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ophika buledi ambiri anakweza usiku umodzi osanena kanthu, makasitomala n'kumakalipira wogulitsa wosalakwa.

Mzere wachiwiri ndi umene ndaukonda: kulemera kwa buledi sikusintha. Apa mpamene ena amatibera, mtengo n'kukhala womwewo koma buledi akupepuka, magawo akucheperachepera. Ogula ambiri pikitsa akhala akuchotseredwabe monga kale, ndipo amene analipiriratu maoda a ukwati sawonjezera kalikonse.