Kamoto ka pamutu wa imelo: kamakopa ndani, nanga sefa imakaona bwanji?

Mukatsegula imelo pa foni m'mawa, mitu ya makalata imandandalikana yakuda yokhayokha, ndiye pakati pake kamoto kofiira 🔥 kapena kamphatso 🎁 kamachita kukukodolani. Amalonda amaikapo tizithunzi timeneti, totchedwa emoji, pokhulupirira kuti diso likakodwa, chala chitsatira. Anzawo ena amawaopseza kuti emoji imodzi yokha ikhoza kugwetsera kalata mu Spam. Mbali zonse ziwiri zikukokomeza, ndipo chimene chimapweteka wotumiza chili pena.

Imelo inapangidwa kale kwambiri emoji isanabwere. Emoji 176 zimene Shigetaka Kurita anajambulira kampani ya NTT DoCoMo ku Japan zinatuluka mu 1999, ndipo tizithunzi totere tinalowa mwaunyinji mu Unicode mu 2010. Koma mzere wa mutu wa imelo anaukonza kuti uzinyamula zilembo wamba za Chingelezi basi. China chilichonse, ngakhale ŵ wa dzina la Malaŵi, chimayamba chakulungidwa motsatira lamulo la RFC 2047 la mu 1996. Kamoto kaja kamayenda chonchi:

```
Subject: =?UTF-8?B?8J+UpQ==?=
```

Pulogalamu ya wolandira ndiyo imamasula phukusili n'kujambula moto. Penapake zikalakwika, wowerenga amaona `ðŸ”¥`, ndipo ngati foni yake ndi yakale moti siikudziwa emoji yatsopano, amangoona kabokosi kopanda kanthu. N'chifukwa chake emoji isamalowe m'malo mwa mawu. Mutu wakuti "Mitengo ya 👟 yatsika" ukafika ndi kabokosi, munthu sadziwa chimene chatsika mtengo. Kwa wosaona, pulogalamu yomuwerengera imatchula dzina la emoji iliyonse, choncho timoto tisanu timamveka ngati mawu amodzi obwerezedwa kasanu.

Nanga anthu amatseguladi kwambiri? Nkhani imavuta pomwepa, chifukwa muyezo wake ndi wopindika. Palibe amene amakuonani mukutsegula kalata. Wotumiza amabisa m'kati mwake kachithunzi kakang'ono ngati kadontho, kosaoneka ndi maso, ndipo foni yanu ikakakoka pa intaneti, iye amalemba kuti mwatsegula. Amene anatseka zithunzi posunga bandulo sawerengedwa, ngakhale atawerenga kalata yonse. Ndipo kuyambira mu Seputembala 2021, pamene Apple inabweretsa Mail Privacy Protection, pulogalamu yake ya Mail imakokeratu zithunzi kwa onse amene anayatsa chitetezochi, kaya atsegula kaya ayi. Choncho pa "otsegula" amene wamalonda amanyadira, ena ndi makina chabe. Bungwe la Nielsen Norman Group, limene limafufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito zipangizo zamakono, linafalitsa kafukufuku wake mu 2020: emoji siinawonjezere mwayi woti kalata itsegulidwe, koma inawonjezera maganizo oipa amene anthu anali nawo pa kalatayo.

Tiyerekeze sitolo ya nsapato imene ili ndi maadiresi 10,000, onse a Gmail. Yagawa anthuwa pawiri mwachisawawa, 5,000 uku ndi 5,000 uko, n'kutumiza pa ola limodzi. Gulu loyamba lalandira mutu wakuti "Nsapato zasukulu zatsika mtengo mpaka Loweruka". Lachiwiri lalandira mawu omwewo koma kutsogolo kuli kamoto. Zotsatira n'zakuti 1,100 atsegula woyamba, 1,150 atsegula wachiwiri. Mwini sitolo aomba m'manja kuti emoji yapambana ndi anthu 50.

Asafulumire. Pa magulu a kukula kotere, ngakhale mutatumiza mutu umodzimodzi kwa onse awiri, ziwerengero sizingafanane ndendende, ndipo masamu amasonyeza kuti kusiyana kosafika pafupifupi 80 kukhoza kungochitika mwangozi. Anthu 50 aja sakutsimikizira kalikonse. Chofunika kuyang'ana ndi amene anadina ulalo wa m'kalata, amene anagula, amene anadzichotsa pa mndandanda, makamaka amene anadina Report spam.

Chiwerengero chomalizachi ndicho chili ndi mano. Kuyambira mu Febuluwale 2024, Google ndi Yahoo anakhwimitsa malamulo a otumiza makalata ambiri, ndipo kwa Google amenewa ndi ofika pafupifupi 5,000 pa tsiku. Google imalangiza kuti madandaulo asapitirire kalata imodzi pa 1,000 zilizonse, ndipo asafike n'komwe pa zitatu pa 1,000. Pa gulu lathu la 5,000, malire oyamba ndi anthu 5 okha, achiwiri ndi anthu 15. Taonani kusiyana kwake: otsegula 50 owonjezera sakutanthauza kanthu, koma anthu 15 onyansidwa ndi mutu wophokosera akwanira kudetsa mbiri ya adiresi ya sitoloyo. Mbiri ikada, sefa imayamba kukayikira makalata onse ochokera kumeneko, ndipo ngakhale lisiti la kasitomala amene walipira kale likhoza kukathera mu Spam. Zimandiwawa kuona wabizinesi yaing'ono akusangalala ndi chiwerengero cha otsegula pamene sanayang'anepo Postmaster Tools, chida chaulere cha Google chimene chimamuonetsa madandaulowo.

Sefa payokha siidana ndi emoji. Sefa monga SpamAssassin imaphatikiza mapointi kuchokera ku zizindikiro zambiri, ndipo mwachizolowezi kalata imatchedwa yachabechabe ikafika pa 5. Ya Gmail imaphunzira pa zochita za anthu: zimene amatsegula, zimene amayankha, zimene amadandaula nazo. Isanafike n'komwe pa mutu, imayamba yafunsa ngati wotumizayo ndi mwini dzina weniweni, kudzera mu SPF, DKIM ndi DMARC, zimene tingati ndi zitupa za kalata. Wotumiza wa zitupa zokwanira, amene anthu anachita kumupempha kuti aziwalembera, kamoto kamodzi sikangamugwetse. Wogula maadiresi kwa ena, n'kulemba mutu wa zilembo zikuluzikulu zokhazokha, timatumba ta ndalama 💰 tinayi ndi lonjezo la mphoto, amagwa chifukwa kalata yake yonse ikufanana ndi za akathyali, ndipo emojiyo yangokhala mboni imodzi mwa zambiri.

Pali kagwiritsidwe kamodzi kamene malangizo a Google amakana mosapita m'mbali: kuika emoji moti izioneka ngati chizindikiro cha boma la imeloyo, monga ✅ pafupi ndi dzina la kampani kuti anthu aziyesa kuti yatsimikizidwa. Zili m'gulu limodzi ndi kuyamba mutu ndi `Re:` pamene palibe amene anakulemberani. Kumeneko ndi kunamiza wowerenga, ndipo wonamizidwa sachedwa kudina batani la madandaulo.

Ine ndimaona kuti emoji imodzi yogwirizana ndi nkhani, monga keke pa kalata yofunira kasitomala tsiku labwino lobadwa, ilibe vuto. Pa kalata ya banki, ya chipatala kapena yokumbutsa ngongole, isapezekepo, chifukwa imachititsa uthenga weniweni kuoneka ngati wa mbava. Ndipo mwini sitolo uja, asanatumize kwa anthu 10,000, adzitumizire yekha kaye ku Gmail, ku Outlook ndi pa foni yakale ya Android, aone ngati moto wafika uli moto. Kenako abwereze mayeso aja pa makalata anayi kapena asanu otsatizana, chifukwa chimene chakopa maso sabata yoyamba chifukwa n'chachilendo, pofika sabata yachisanu anthu amakhala atachizolowera.