Batani la T pa bokosi la magetsi

Ketulo ya mawati 2,300 pa magetsi athu a mavoti 230 imakoka maampu 10. Magetsiwo amalowa kudzera pa waya wa laivi n'kubwerera pa waya wa nyutulo, ndipo obwerera ayenera kufanana ndi olowa. Koma tiyerekeze kuti waya wa ketuloyo wasupuka, mayi n'kuigwira ndi manja onyowa ali osavala nsapato pasimenti. Pamenepo magetsi ena amadutsa m'thupi mwawo kupita pansi, n'kubwerera maampu 9.97 okha. Buleka wamba saona vuto, chifukwa iye amadikira kuti magetsi achuluke kupyola muyezo wake. Kachipangizo kolembedwa RCD ndi kamene kamaona kusiyana kwakung'onoko n'kuthimitsa magetsi sekondi isanathe.

Pogula, yambani mwawerenga zolembedwa pankhope pake. Koteteza moyo wa munthu kamalembedwa 30 mA kapena 0.03 A. Kuliponso kolembedwa 100 mA ndi 300 mA, koma ntchito yake ndi kuteteza nyumba ku moto, osati thupi la munthu, ndiye wogulitsa asakuuzeni kuti nambala yaikulu ndiye yamphamvu. Nambala inayo, monga 63 A, ikunena kuchuluka kwa magetsi amene kangathe kunyamula, ndipo imeneyo asankhe ndi wamagetsi wovomerezeka amene adzakaike. Ngati m'nyumba muli makina ochapira kapena zipangizo zina zamakono, funsani mtundu wa A, pakuti wa AC umatha kulephera kuzindikira kutayika kwina kwa magetsi a zipangizozi. Mabuleka asachotsedwe: kachipangizoka sikathimitsa mukalumikiza zinthu zambiri pa soketi imodzi.

Mkati mwake muli tizitsulo toyenda, ndipo tikakhala nthawi yaitali osasuntha timatha kuuma ndi fumbi ndi chinyontho. N'chifukwa chake pali batani lolembedwa T kapena TEST. Sankhani tsiku losaiwalika, mwina lomwe mumagula mayuniti kumapeto kwa mwezi. Yesani masana, magetsi alipo, chifukwa ESCOM ikathimitsa batanilo silichita kanthu ngakhale kachipangizoko kali bwino. Zimitsani kaye wailesi yakanema ndi kompyuta, kenako dinani kamodzi. Swichi yake igwe pompo ndi kaphokoso koti thapu. Ikwezeni, magetsi abwerere. Ikapanda kugwa, kapena ikagwa mutadina kangapo, itanani wamagetsi tsiku lomwelo adzasinthe. Batanili siliyesa waya wa ethi kapena liwiro lenileni lothimitsira. Zimenezo amayesa wamagetsi ndi chipangizo chake.

Swichi ikamagwa yokha n'kumakana kukwera, zulani mapulagi onse, tsitsani mabuleka, ikwezeni, ndiyeno kwezani mabulekawo mmodzimmodzi n'kubwezera mapulagi limodzilimodzi. Pamene igwenso ndi pamene pali vuto, ndipo kawirikawiri ndi giza, ayironi, ketulo kapena getsi lapanja lomwe lalowa madzi amvula.