Tokotaimu Yotha Usiku: Kuleka Zolembetsa za pa Foni ndi Kusunga Umboni

Dandaulo limodzi lamveka kawirikawiri m'miphakati yathu kuno ku Madzimoyo, ndipo tikhulupirira kuti ku Chipata ndi ku Katete likumvekanso. Munthu aika tokotaimu m'foni madzulo, agona osaimbira aliyense, koma kutacha apeza kuti ndalama zachepa. Nthawi zambiri palibe wa m'nyumba amene waba. Nambala ija inalembetsedwa ku ntchito ina yolipira tsiku ndi tsiku: nyimbo imene oimba foni amamva, mauthenga a zampira, masewera, kapena malangizo a zachikondi amene mwini foni sanawafune. Kulowamo kumangofuna kudina batani limodzi, mwina mwana ndiye anadina posewera. Kutulukamo ndiye ntchito.

Tisaganize kuti izi zimagwera osauka okha. M'chaka cha 2025 kampani yaikulu ya ku Amereka ya Amazon inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pa mlandu wakuti inkalowetsa anthu m'zolembetsa mosadziwa, n'kuwavutitsa pofuna kutulukamo. Kumeneko boma linali ndi maloya ndi zikalata. Ife tili ndi kope la sukulu ndi cholembera, ndipo pa mlandu wa kukula kwathu zimenezi n'zokwanira.

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu wa ku Lusaka, amene akudulidwa K1 tsiku lililonse. Ndalamayo ioneka yochepa, koma pa mwezi ndi K30, ndipo pa chaka ndi K365. Choyamba mayiyu ayenera kutsimikiza kuti chikudya ndalama n'chiyani, pakuti pali zinthu zina ziwiri zimene zimafanana ndi vutoli. Ngati anakongola tokotaimu, kampani imabweza ngongole yake akangoikamo ina. Ngati intaneti ya m'foni ili yotsegula pamene bando yatha, foni ikhoza kumadya tokotaimu mwakachetechete. Tsono mayeso ake ndi awa: atseke intaneti, aone ndalama zotsala asanagone n'kulemba m'kope pamodzi ndi ola, asaimbe kapena kutumiza uthenga, ndipo m'mawa aonenso. Achite chomwecho masiku atatu. Ngati usiku uliwonse pakuchoka ndalama yofanana, K7 kukhala K6, kenaka K5, ndiye kuti pali cholembetsa. Mizere isanu ndi umodzi imene walembayo ndiwo umboni wake woyamba.

Kenaka afufuze m'mauthenga akale. Ntchito zotere kawirikawiri zimatumiza uthenga kuchokera ku nambala yaifupi, ndipo kumapeto kwake zimanena njira yolekera, monga kutumiza liwu lakuti `STOP` kapena kuimba nambala ya nyenyezi. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa. Liwulo liyenera kupita ku nambala yeniyeni imene yatchulidwa, ndipo limaletsa ntchito imodzi yokha. Ngati foni inalembetsedwa ku zinthu ziwiri, chinacho chipitiriza kudya. Komanso kutumiza kokha sikutanthauza kuti zatheka: adikire uthenga wotsimikiza, ndipo ngakhale utabwera, abwereze mayeso a usiku aja. M'kope alembe tsiku, ola, liwu limene anatumiza, nambala imene linapita, ndi yankho monga mmene lalembedwera. Ngati yankho silinabwere, alembenso kuti silinabwere. Tikunena za kukopera m'kope chifukwa mafoni aang'ono a mabatani amadzaza msanga, ndipo uthenga wofunika umafufutidwa tsiku limene mdzukulu afuna malo. Amene ali ndi foni yaikulu ajambule chithunzi cha uthengawo, komabe alembe.

Zikakanika, aimbe nambala ya kampani yothandizira makasitomala, imene imalembedwa pa chikuto cha simu ndi pa zikwangwani za kampaniyo. Pamenepa tikhalepo pang'ono, pakuti ndi pamene milandu yambiri imafera. Amayamba kuyankha ndi makina, munthu adikira, foni iduka. Akapezeka woyankha, anena mwaulemu kuti zonse zakonzedwa, ndipo mayi athu, poleredwa bwino, athokoza n'kudula foni. Mawu amenewo apita ndi mphepo. Sabata yamawa adzayankha munthu wina amene sadziwa kanthu, ndipo nkhani idzayambiranso pachiyambi. Chotero asanadule foni afunse zinthu zinayi: dzina la woyankhayo, maina a ntchito zonse zolipira zimene zili pa nambala yake, tsiku limene zidzaleke, ndi nambala ya dandaulo lake. Nambala imeneyi ndiyo yofunika koposa, chifukwa ndiyo imasonyeza kuti dandaulo linalowa m'makina a kampani. Woyankhayo akati palibe nambala, zimenezonso zilembedwe. Ngakhale foni imene inaduka asanalankhule ndi munthu ilembedwe, pamodzi ndi mphindi zimene anadikira. Afunsenso kuti ndalama zimene zinadulidwa kuyambira tsiku limene anatumiza liwu lija zibwezedwe. Pa zimene zinadulidwa kale kampani ikhoza kunena kuti iye anavomera yekha, koma pa zimene zadulidwa atakana kale, kope likumuikira kumbuyo.

Chenjezo limodzi: wogwira ntchito weniweni safunsa nambala yachinsinsi ya ndalama za pa foni. Wina akaimba n'kunena kuti akuthandizani kuleka koma mumuuze nambalayo, dulani foni.

Ngati patapita masiku amene analonjeza ndalama zikudulidwabe, ulendo wa ku Chipata wafika. Kunena zoona, mtengo wa galimoto ukhoza kuposa ndalama zimene zatayika pa mwezi, choncho n'kwanzeru kuuphatikiza ndi ulendo wa ku msika kapena ku chipatala. Atenge chitupa chake, foni, kope, ndi kalata yaifupi yolembedwa kawiri: nambala ya foni, ntchito imene akuikana, masiku amene anayesa, nambala ya dandaulo, ndi ndalama zimene akufuna kubwezeredwa. Kalata imodzi isiyidwe ku ofesi ya kampani, inayo aidinde kapena aisainire ndi tsiku, ibwerere kunyumba. Kope lenilenilo asalisiye m'manja mwa munthu.

Pamwamba pa makampani a mafoni pali bungwe la boma la ZICTA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, limene limalandira madandaulo pa nambala yaulere ya `7070`. Dongosolo lake n'lakuti munthu ayambe wadandaula ku kampani yake, ndipo funso loyamba lidzakhala lakuti munadandaula liti ndipo anakuyankhani chiyani. Wonena kuti "ndinaimba kambirimbiri" alibe pogwira. Wonena kuti anatumiza uthenga Lolemba, anaimba Lachinayi nthawi ya 10 koloko, anapatsidwa nambala yakutiyakuti, ndipo K1 inadulidwabe masiku 9 otsatira, wapereka nkhani imene ingafufuzidwe m'makina a kampani. Palinso bungwe la CCPC, loteteza ogula pansi pa lamulo la 2010, limene limaona madandaulo a malonda osalungama. Njira ya kope yomweyi imagwiranso ntchito kwa aphunzitsi ndi anamwino amene akudulidwa pa malipiro ndalama za inshuwalansi imene anaikana, kungoti umboni wao ndi mapepala a malipiro a mwezi ndi mwezi.

Ena amati njira yachidule ndi kusiya foni yopanda tokotaimu kuti cholembetsacho chife ndi njala. Kawirikawiri sichifa, chimadikira, ndipo tsiku limene mudzaikemo K5 yoti muimbire odwala, chidzayamba ndicho kudya. Ena amataya simu n'kugula ina. Iwo amataya pamodzi nambala imene ana a ku Lusaka amatumizirapo ndalama, ndi imene a mphakati amaidziwa pakagwa maliro.