Mawu otsanzika a mkulu wa kalasi

Mawu otsanzika ndi amene mkulu wa kalasi, yemwe ambiri amangomutchula kuti monita, amayankhula m'malo mwa anzake pa mwambo wotsanzikana ndi ophunzira omaliza sukulu. M'sekondale zambiri m'Malawi mwambowu umachitika a Folomu 4 asanalembe mayeso a MSCE. Pa chifukwa chimenechi woyankhula sangadzitame kuti anzake apambana. Ntchito yake ndi kuthokoza, kupepesa ndi kupempha mafuno abwino.

Amayamba ndi kupereka ulemu motsata maudindo: mlendo wolemekezeka, mphunzitsi wamkulu, mafumu, a komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kenaka aphunzitsi, makolo ndi ophunzira anzake. Mndandanda umenewu aufunse kwa woyendetsa mwambo m'mawa wa tsikulo, chifukwa mlendo woitanidwa nthawi zina amatumiza womuimira. Kudumpha a mfumu amene akhala kutsogolo penipeni ndi cholakwa chimene anthu amachikumbukira kuposa zonse zimene mwanayo wanena.

Pothokoza ndi pamene pamaonekera luso. Monita wongonena kuti aphunzitsi onse agwira ntchito yotamandika sananene chilichonse, ndipo holo imayamba kunong'onezana. Wodziwa kuyankhula amasankha zochitika ziwiri kapena zitatu zimene kalasi yonse idaziona. Pa sekondale yoyendera, mwachitsanzo, angakumbutse za mphunzitsi wa masamu amene ankabwera Loweruka osalandira kanthu, za buku limodzi la sayansi limene ankaliwerenga anthu asanu atapanikizana pa desiki, ndi za makolo amene adagulitsa mbuzi kuti fizi ikwane. Akatero, anzake amagwedeza mitu ndi kuomba m'manja osauzidwa, chizindikiro choti walankhuliradi onse. N'chifukwa chake amati "ife", osati "ine". Ndi bwinonso kukumbukira amene adayamba nawo Folomu 1 koma adalekera panjira, popanda kutchula mayina kapena zifukwa, pakuti makolo awo angakhale ali pomwepo.

Kupepesa kumabwera pambuyo pake, ndipo kumafunika kutchula zolakwa zenizeni monga phokoso, kuchedwa ndi kuthawa ntchito za panja. Ena amayesa kubwezera pamenepa zilango zakale kudzera m'nthabwala zolasa mphunzitsi. Anzawo amaseka ndithu, koma mwambo umazizira, ndipo kupepesako kumatha mphamvu. Dandaulo lenileni, monga kuchepa kwa mabuku, amalipereka ngati pempho kwa mlendo wolemekezeka, pofunira zabwino otsala.

Kwa a Folomu 3 amasiya langizo limodzi logwirika, kenaka n'kupempha makolo ndi aphunzitsi kuti awakumbukire m'mapemphero pa nthawi ya mayeso. Zonsezi zimakwana m'mphindi zosaposa 5. Ngakhale atalankhula m'Chingerezi monga sukulu zambiri zimafunira, gawo lothokoza makolo liyenera kumveka m'chiyankhulo chimene iwo amamva.