Za Madzi Oundana M'firiji

Kudza kwa magetsi m'midzi kwadzetsa mafiriji m'nyumba ndi m'magolosale, ndipo ambiri akaona madzi oundana atakuta mapaipi a m'kati amati firiji yawo ndi yamphamvu. Si choncho ayi.

Mapaipi ozizirawo, amene amisiri awatcha koyilo, ali ndi gasi wamadzimadzi amene amawira m'kati mwake, natenga kutentha kwa zakudya. Popeza azizira kupitirira madigiri 0, chinyezi cha mumpweya chimaundana pa iwo, ndipo chisanu chopyapyala sichoopsa. Koma chikakhuthala kupitirira mamilimita 5, chifunda koyiloyo monga bulangete: injini ibuula usana ndi usiku, koma mkaka usasa ndithu.

Tsono wagolosale amene zakumwa zake zafunda achite chotere. Azime firiji, atsekule chitseko kufikira zonse zitasungunuka, kenaka ayatsenso, nadikira ola limodzi. Pamenepo ayang'ane maonekedwe a chisanu chatsopano, pakuti ndicho chidzaulula nthenda.

Chikayala mofanana pa koyilo yonse, gasi ndi wokwanira, ndipo mlandu uli ndi mpweya. Kawirikawiri labala ya chitseko imakhala itatha, nilowetsa chinyezi cha panja, makamaka m'dzinja. Apanikize pepala ndi chitseko, nalikoka; likasololoka msanga, labalayo yatha ntchito. Nsima yotentha ndi ndiwo zosavundikira zichita chimodzimodzi. M'mafiriji okhala ndi fani, mabotolo othithikana amatseka njira za mpweya, kapena faniyo imafa. Koyilo yosowa mpweya woiomba izizira mopitirira, ndipo madzi oundana akayamba atsekanso timipata totsala, nakulirakulira. Mafiriji otere ali ndi kawaya kotenthetsa kamene kamasungunula chisanu paokha. Kakapsa, mavuto abweranso patapita masiku owerengeka.

Koma chisanu chikaunjikana pangodya imodzi yokha, pamene kapaipi kakang'ono kalowera, kwina konse kuli mbee, ndiponso mapaipi akuda a kumbuyo sakutentha monga kale, gasi wachepa, kapena kapaipiko katsekeka. Gasi wochepayo awira yense pakhomo pomwepo, ndi kuzizira koopsa, osafika kutsogolo. Dziwani kuti gasi wa m'firiji satha monga mafuta a nyale, amangozungulira. Akachepa, ndiye kuti pena paboola. Mmisiri amene angothira wina osafuna chiboocho adzabweranso mwezi wamawa kudzalandira ndalama zina, ndipo ife tikuti mumufunse poyamba kuti akuonetseni pamene pakudontha.

Chinthu chimodzi tikupemphani ndi mtima wonse: musapale madzi oundana ndi mpeni. Mapaipiwo ndi opyapyala, ndipo mafiriji ambiri a masiku ano ali ndi gasi wa R600a, amene amayaka moto. Ikani m'katimo mbale ya madzi ofunda, firiji ili yozimitsa, ndipo zidzagwa zokha.