Kufunafuna Mkulu wa Ophika: Chikalata cha Ntchito ndi Mafunso Ake

Mkulu wa ophika, amene ambiri amangomutchula kuti shefu, ndiye mwini khitchini. Pa lesitilanti ya mipando 60, yokhala ndi ophika ndi otsuka mbale asanu ndi mmodzi, iyeyu amakonza menyu, amaoda katundu, amagawa ntchito, ndipo kasitomala akadwala ndi chakudya mlandu umayambira pa iye. Dzanja lokoma ndi mbali imodzi chabe ya ntchitoyi, choncho chikalata chofotokoza ntchito ndi mafunso a pa intavyu ziyenera kuyesanso mbali zinazo.

Chikalatacho chiyambe ndi kufotokoza malowo mmene alili: mipando ingati, mbale zingati zimene zimatuluka masana a tsiku lotanganidwa, zakudya za mtundu wanji, ndi anthu angati amene adzakhale pansi pa shefuyo. Wozolowera hotela yaikulu, kumene nyama imafika yodulidula kale, amafunika kudziwiratu kuti kuno adzagwira yekha mpeni. Chinenenso bwana wake ndi malire a mphamvu zake. Kodi angasinthe yekha wopereka nkhuku? Angachotse wophika waulesi, kapena ayambe wauza manijala? Mikangano yambiri ya shefu ndi mwini malo imaphuka pa mfundo zimene sizinalembedwe.

Udindo ulembedwe m'njira yoti ungayezedwe. Mawu akuti "akhale wolimbikira ntchito" sathandiza, chifukwa aliyense wofunsira amati ndi wolimbikira. Zothandiza ndi monga izi: mtengo wa zophikira usapitirire magawo 35 pa 100 a ndalama zogulitsa chakudya, katundu awerengedwe sabata iliyonse, wofika poyamba ayambe kugwiritsidwa ntchito, ndipo kuzizira kwa firiji kulembedwe m'buku tsiku ndi tsiku. Maola, tsiku lopuma ndi malipiro zionekenso poyera. Ku Malawi lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi wamba yogwira ntchito, ndipo khitchini imadumpha malirewa mosavuta, makamaka m'nyengo ya maukwati ndi Khirisimasi. Satifiketi ya sukulu ya zophika ndi yabwino, koma zaka zimene munthu watsogolerapo anzake m'khitchini zimalemera kuposa pepalalo.

Mafunso achokere m'chikalatamo, ndipo onse ofunsira afunsidwe ofanana kuti kuwayerekeza kukhale kwachilungamo. Funso la ndalama ndilo limasiyanitsa msanga wophika wabwino ndi mkulu wa ophika. Mwachitsanzo, mbale ya nkhuku ndi chipisi ikugulitsidwa K12,000 ndipo zophikira zake zikudya K4,200, omwe ndi magawo 35 pa 100. Mafuta ndi mbatatesi zakwera, zophikirazo zafika pa K4,800. Achita chiyani? Wodziwa ntchito amaona kuti tsopano ndi magawo 40, ndipo kuti abwerere pa 35 mbaleyo iyenera kugulitsidwa pafupifupi K13,700. Koma sathamangira kukweza mtengo. Amafunsa kaye ngati chipisi chimayezedwa pa sikelo kapena chimangotapidwa ndi dzanja, ngati osenda mbatatesi sakutaya yambiri pamodzi ndi makoko, ndiponso ngati mafupa a nkhuku amaphikidwa msuzi kapena amatayidwa. Woyankha kuti "zimenezo ndi za akauntanti" sanayendetsepo khitchini.

Pa zaukhondo, funso likhale la zochitikadi: magetsi azima usiku wonse, m'firiji muli nkhuku zosaphika, m'mawa achita chiyani? Yankho labwino limatchula manambala. Firiji iyenera kukhala pa madigiri 5 kapena kutsikirapo, ndipo ikakhala yotseka imasunga kuzizira pafupifupi maola anayi okha. Shefu wodalirika amayeza kutentha kwa nyamayo ndi kutaya yomwe yafunda, ngakhale mwini malo adandaule. Wodalira kununkhiza ndi woopsa, pakuti tizilombo totsegula m'mimba sitisintha fungo la nyama nthawi zonse.

Za kutsogolera anthu zimadziwika pofunsa zimene munthuyo anachitapo, monga tsiku limene ophika awiri sanabwere pamene malo anali odzaza. Wofunsa amvetsere ngati akutchula zimene iye anachita kapena akungodzudzula ena. Mafunso okhudza mtundu, chipembedzo kapena ngati mayi akuganiza zobereka asafunsidwe. Lamulo lomwe lija limaletsa tsankho polemba anthu ntchito.

Awiri kapena atatu amene ayankha bwino aitanidwe kudzaphika m'khitchini momwemo, ndi katundu amene alipo: chakudya chimodzi cha pa menyu ndi china chodzisankhira okha. Oyesa alawe, koma aonenso ngati thabwa lodulirapo nkhuku yaiwisi latsukidwa asanadulirepo masamba, ngati mkati mwa nkhuku mwafika madigiri 75, ndi mmene munthuyo akuyankhulira ndi wotsuka mbale. Pomaliza, afunse kumene ankagwira kale chifukwa chimene anachokera, ndiponso ngati angamulembenso ntchito atabwerera.