Denga la nyumba yotetezedwa likamadontha koma thumba lili lopepuka

Mpingo ukaona kuti denga la tchalitchi chake chakale layamba kudontha, kawirikawiri umaitana mmisiri kuti atchule mtengo wosintha denga lonse. Mtengowo ukamveka, anthu amangoti kukamwa yasa, n'kugwirizana kuti adikire mpaka ndalama zidzakwane. Pamene akudikirapo mvula imabwera kawiri kapena katatu, ndipo ntchito imene inali ya malata okha imasanduka ya malata, matabwa ndi khoma lomwe. Njira yabwino ndi kuigawa ntchitoyo m'magawo, ndipo kagawidwe kake kazitsata kumene madzi akulowa, osati kumene maso a anthu akuona.

Nyumba zina m'Malawi muno si za eni ake okha ayi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, ndi nyumba ya Mandala ya 1882, ndi zina mwa nyumba zimene boma linaziika m'gulu la chuma cha fuko. Lamulo la 1990 loteteza zipilala ndi zinthu zakale limaletsa kusintha nyumba zotere popanda chilolezo cholembedwa chochokera ku boma. Choncho kalata yoyamba ya komiti isapite kwa wogulitsa malata. Ipite ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, ndipo ifotokoze chimene chawonongeka, chimene mukufuna kuchita ndi zipangizo zimene mudzagwiritse ntchito, pamodzi ndi zithunzi. Ndi bwino kupempha chilolezo cha magawo onse nthawi imodzi, ngakhale ndalama zimene zilipo zili za gawo loyamba lokha, kuti ntchito isamaime chaka ndi chaka podikira yankho.

Chilolezo chimakhudza bajeti mwachindunji. Mfundo yosamalira nyumba zakale ndi yakuti chimene chingakonzeke chikonzedwe, ndipo chimene chikusinthidwa chifanane ndi chakale. Ngati denga linali la malata a mizere yozungulira, simungaikepo malata amakono a mizere ya makona chifukwa choti mwawapeza motchipa. Koma mfundo yomweyi imapulumutsanso ndalama, chifukwa siikukakamizani kutaya lata kapena thabwa limene likadali ndi moyo.

Nthawi yabwino yoyendera denga ndi pamene mvula ikugwa, mu Januwale kapena Febuluwale. Munthu akwere m'siling'i ndi tochi ndi choko, azilemba chizindikiro paliponse pamene madzi akulowa. Banga la pa siling'i limanamiza, pakuti madzi amatha kulowa pamsana pa denga, n'kutsetsereka ndi thabwa mamita angapo asanadonthe. Malo oyenera kuyang'anitsitsa ndi pamene madenga awiri akumana, pamene denga lagundana ndi nsanja ya belu, ndi m'magata amene adzaza masamba. Matabwa ayesedwe ndi sikuludilaiva, makamaka kumapeto kumene alowa m'khoma. Ikamalowa mosavuta, kapena thabwa likamalira ngati ng'oma poligogoda, ndiye kuti lavunda kapena chiswe chadya m'kati n'kusiya khungu lokha. Timizere ta dothi tokwera khoma ndi umboni wakuti chiswecho chikadalipo. Pa nyumba ya msinkhu wotere, ndalama yolipira injiniya kapena katswiri wa zomangamanga kuti aone matabwa onyamula denga isaumiridwe, chifukwa lipoti lake ndi limene lidzakhale maziko a bajeti yonse.

Tiyeni titenge chitsanzo chongoyerekeza. Tchalitchi cha njerwa zootcha n'chotalika mamita 24, ndipo mbali iliyonse ya denga ndi pafupifupi mamita 6 kuchoka pamsana kufika m'munsi. Mathirasi, amene ndi matabwa aakulu onyamula denga, atalikirana mamita 3, kotero denga lagawika lokha m'zipinda zisanu ndi zitatu. Lata limodzi likalumikizidwa ndi linzake limafunda pafupifupi masentimita 76 m'lifupi, ndiye chipinda chimodzi chimafuna mizere inayi ya malata. Mzere uliwonse umadya malata awiri a mafiti 10, ndipo mbali zilipo ziwiri. Chipinda chimodzi ndi malata 16, denga lonse ndi malata 128. M'lifupi mwa malata mumasiyana malinga ndi kampani yowapanga, choncho muyeze musanawerengere. Kuwerengera kwa chipinda ndi chipinda n'kothandiza chifukwa kumapatsa komiti muyeso umene aliyense angaumve. Mkhristu wamba sangaone mapeto a mamiliyoni makumi anayi, koma amamvetsa mukamuuza kuti chaka chino tikufuna malata 48.

Tiyerekeze kuti kuyendera kuja kwaonetsa zinthu zitatu. Zipinda zitatu zoyandikana ndi nsanja zili ndi malata obooka, ndipo mathirasi awiri avunda kumapeto. Zipinda zisanu zotsalazo zachita dzimbiri koma sizinabooke, kungoti misomali yakhwepa. Siling'i nayo yadetsedwa ndi madontho pamalo ambiri. Mmisiri wanena kuti kusintha zonse ndi K40 miliyoni, pamene mpingo umatha kusonkha K10 miliyoni pachaka kudzera m'zopereka za masika, mapepa sande ndi thandizo la ana a pamudzipo amene ali kutauni ndi kunja.

Gawo loyamba ndi lotseka madzi, ndipo silidikira chilimwe. Kuchotsa masamba m'magata, kukhomanso malata okhwepa, kumata mabowo ndi phula, ndi kuchirikiza mathirasi ovunda ndi mitengo kuchokera pansi. Pamodzi ndi izi, chiswe chithiridwe mankhwala, ndipo madzi otsika padenga awongoleredwe kutali ndi maziko. Ntchitoyi siikongoletsa nyumba, ndipo ena adzafunsa kuti ndalama yathu yapita kuti. Koma ndi ntchito yotsika mtengo kuposa zonse, ndipo ndi imene imagula nthawi yoti magawo enawo adikire osawonjezera chiwonongeko.

Gawo lachiwiri ndi la zipinda zitatu zija, ndipo matabwa amayamba, malata n'kutsatira. Kukhoma malata atsopano pa matabwa ovunda ndi kutaya ndalama, popeza mudzawazulanso, ndipo lata lozulidwa limatsala ndi mabowo. Thirasi yovunda kumapeto siifunika kuchotsedwa yonse. Kalipentala wodziwa ntchito amadula povundapo, n'kulumikiza thabwa latsopano louma bwino ndi lothiridwa mankhwala, n'kumanga ndi mabawuti. Pamwamba pa khoma pakafunika kukonza, njerwa zakale zomangidwa ndi laimu kapena dothi zikonzedwe ndi zomwezo. Simenti ndi yolimba kuposa njerwa zimenezi ndipo imatsekera chinyezi m'kati, kotero njerwa zimayamba kufumbutuka m'mbali mwake.

Pa K10 miliyoni ya chaka chimenecho, musalonjeze mmisiri ntchito ya K10 miliyoni. Ikani padera K2 miliyoni ya zadzidzidzi, chifukwa denga lakale likatsegulidwa limaonetsa zimene tochi sinaone. Ikaninso padera ya makwerero, mayendedwe a katundu ndi lona yofundira pamene pasasulidwa. Yotsalayo ndi imene ikunena kuchuluka kwa zipinda zimene mungasasule. Ngati ikukwana ziwiri zokha, sasulani ziwiri. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma apa kudumpha kulikonse kuthere pouma: gawo lililonse lithe denga lili lotseka, ngati kuti ndalama zina sizidzabweranso. Ngozi yaikulu pa ntchito za msonkhamsonkha ndi kusasula denga lonse podalira malonjezo, kenako Novembala n'kukupezani nyumba ili pamtetete.

Kalendala ya dziko lathu imathandiza. Ndalama zambiri zimalowa anthu akakolola ndi kugulitsa mbewu, kuyambira Meyi mpaka Julayi, ndipo nyengo youma imafika mpaka Okutobala. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje mvula ya chiperoni imatha kuwaza mu Juni ndi Julayi, choncho kumeneko Ogasiti ndi Sepitembala ndi miyezi yodalirika. Tsiku lililonse amisiri asasule malo okhawo amene angathe kufolera dzuwa lisanalowe.

Pali nkhani inanso imene komiti iliyonse ya m'Malawi iyenera kuiganizira. Mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chitsulo chopangira malata chimachokera kunja. Mpingo umene unkasunga ndalama kubanki kudikira kuti zikwane unadzuka tsiku lina ndalama zake zikugula malata ochepa kuposa dzulo lake. Choncho chilolezo chikangotuluka ndipo mtundu wa malata wadziwika, ndalama ya zipangizo isanduke zipangizo. Bajeti ilembedwe m'malata, matabwa ndi makilogalamu a misomali, ndipo mitengo yake iwunikidwenso gawo lililonse lisanayambe. Pokagula, nyamulani chidutswa cha lata lakale kuti muone ngati mizere yake ikukhalana ndi ya latsopano, pakuti ikasiyana, polumikizira magawo awiri padzakhala podontha. Kumbukiraninso kuti nambala ya geji ikachepa, lata limakhala lochindikala: geji 26 ndi yolimba kuposa 28, ndipo 28 ndi yolimba kuposa 30. Malata osungidwa akhale pouma, otsamira pa matabwa, chifukwa madzi akalowa pakati pa malata osanjikizana amachita dzimbiri loyera asanakwere n'komwe padenga.

Kugawa ntchito kuli ndi mtengo wake, ndipo komiti iuze anthu poyera. Makwerero adzabwerekedwa kangapo, galimoto idzalipidwa kangapo, ndipo kuphatikiza zonse kukhoza kudutsa mtengo wa ntchito yochitika kamodzi. Kumbali ina, m'chitsanzo chathu zipinda zisanu zija sizikufuna malata atsopano panopa. Gawo lachitatu ndi kuzipala dzimbiri ndi bulashi ya waya, kusintha misomali, kupaka penti yoteteza ku dzimbiri kenako penti ya padenga. Malata 80 amenewo akhoza kutumikira zaka zina zingapo, n'kumasinthidwa chipinda chimodzi kapena ziwiri pachaka. Siling'i ndi penti ya m'kati ndi gawo lomaliza, ndipo lidikire mpaka denga litadutsa dzinja lathunthu osadontha.

Mgwirizano ndi mmisiri ukhale wolembedwa, wa gawo limodzi lokha, wotchula zipinda zimene agwire ndi tsiku lomaliza. Malipiro azitsata ntchito imene yaoneka, ndipo kachigawo kena, monga 5 kapena 10 peresenti, katsale m'manja mwa komiti mpaka mvula yoyamba itayesa dengalo. Malisiti, zithunzi za ntchito isanayambe ndi itatha, ndi lipoti la injiniya zisungidwe mu fayilo imodzi. Fayilo imeneyi ndi imene mudzaonetse boma, ndiponso imene imatsegula manja a mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino, chifukwa wopereka amamasuka akaona gawo lomalizidwa ndi mtengo wa gawo lotsatira. M'bajeti ya chaka chilichonse mutsalenso kandalama kochepa kolipira munthu wokwera padenga mu Okutobala kukachotsa masamba ndi kuona misomali, ndi wina wolowa m'siling'i ndi tochi mvula ikayamba.